Mmene Ndinapitirizira Nkhani Popanda Mitu Yoyambirira

Mphunzitsi wina wa kuno ku Mangochi anandipempha kuti ndilembe mutu wachinayi wa nkhani ya msodzi wa pa nyanja ya Malombe, koma mitu itatu yoyambirira sanandipatse chifukwa kope linanyowa ndi mvula. Ndinayesa kungoyerekeza, koma iwo atawerenga anati msodziyo anamira kale mu mutu wachiwiri. Choncho ndinakhala nawo pansi ndi kuwafunsa mayina a anthu onse ndi ubale wawo, amene ali moyo, amene akufotokoza nkhaniyo, ndiponso chimene chinachitika pomaliza penipeni m'mutu wachitatu. Funso lomalizali ndi limene linathandiza kwambiri, pakuti mutu watsopano umayambira pamene wapitawo unasiyira. Ndinalemba mayankhowo pa tsamba limodzi, iwo anawavomereza, kenaka ndinayamba kulemba.