Momwe mphunzitsi angaikire uthenga wodziyankha wokha pa imelo akamachoka masabata awiri

Tiyerekeze kuti ndinu mphunzitsi wa masamu ku Fomu 3 ndi 4, ndipo mwaitanidwa kumaphunziro kuyambira Lolemba pa 2 Febuluwale mpaka Lachisanu pa 13. Makolo, ophunzira ndi anzanu apantchito sasiya kukulemberani. Gmail ili ndi njira yoti aliyense wokulemberani azilandira yankho nthawi yomweyo, ngakhale foni yanu itazima.

Musanagwire foni, yambani mwakambirana ndi mnzanu amene akugwirireni makalasi komanso ahedi. Dzina la munthu saliika mu uthenga mwini wake asakudziwa. Ine ndinachitapo zimenezi, ndipo kholo lina litafika kusukulu kudzafunsa mnzangayo za mayeso a mwana, iye anangoti kukamwa yasa. Tinatha teremu yonse tikupatsana moni wozizira.

Mukagwirizana, lembani uthengawo. Munthu wokulemberani akufuna kudziwa tsiku lomwe mubwere ndi woti amuone pakadali pano, basi. Nachi chitsanzo:

"Zikomo pondilembera. Ndachokapo kuyambira pa 2 Febuluwale ndipo ndidzayambanso ntchito Lolemba pa 16 Febuluwale. Masiku amenewa sindiziwerenga imelo. Ophunzira a Fomu 3 ndi 4, ntchito ya masamu muzipereka kwa aphunzitsi omwe akundigwirira makalasi. Makolo amene muli ndi nkhani yachangu, chonde kaonaneni ndi achiwiri kwa ahedi kuofesi. Makalata ena onse ndidzayamba kuyankha pa 16."

Mu uthenga wanu weniweni tchulani mayina a anthuwo ndi nambala ya ofesi ya sukulu, osati nambala ya m'manja ya mnzanu. Onaninso kuti sitinalembe kuti "ndibwera pakatha masabata awiri". Wolandira yankholo pa 12 angawerengere kuchokera tsiku limenelo n'kumakudikirani mpaka kumapeto a mwezi. Komwe mwapita ndi chifukwa chake sizofunika kutchula. Uthengawu umapita kwa aliyense, ngakhale osawadziwa, ndiye palibe chifukwa cholengezera kuti nyumba yanu yatsala yokha.

Tsopano pa foni tsegulani Gmail, dinani timizere titatu tili pamwamba chakumanzere, tsikani mpaka pa Settings, kenako sankhani akaunti yanu. Pezani pomwe alemba Vacation responder (mafoni ena amalemba Out of Office AutoReply) n'kuyatsa. Pa kompyuta mumadina chizindikiro chooneka ngati giya, kenako See all settings, n'kutsika mpaka kumunsi kwa General.

Pa First day ikani 2 Febuluwale. Pa Last day ndi pomwe ambiri amaphonya. Maphunziro akutha Lachisanu pa 13, koma inu ikani Lamulungu pa 15. Gmail imasiya kuyankha tsiku lomwe mwaikalo likangotha pakati pa usiku, choncho mukaika 13, kholo lolemba Loweruka silimva kanthu. Musasiyenso malowa opanda tsiku, chifukwa uthengawo uzingopitabe mpaka mutauzimitsa nokha, anthu n'kumauzidwa mu Malichi kuti mwachokapo pomwe muli m'kalasi ndi choko m'manja.

Pa Subject lembani mwachidule, monga "Ndachokapo mpaka pa 16 Febuluwale", ndipo uthenga uja uikeni pa Message. Pali kabokosi kena kosankha kuti yankho lizipita kwa anthu okhawo omwe ali mu Contacts. Kwa mphunzitsi, ndingati kasiyeni kosachonga, poti makolo ambiri amakhala akukulemberani koyamba. Malizani ndi Done pa foni, kapena Save Changes pa kompyuta.

Tsiku loyamba likafika pemphani mnzanu akulembereni kuti muone ngati zikutheka. Akalandira yankho kamodzi, n'kulembanso osalandira, musade nkhawa: Gmail simubwerezera munthu yemweyo mpaka patadutsa masiku 4, pokhapokha mutasintha mawu a uthengawo. Makalata ogwera mu Spam sayankhidwa n'komwe.

Paja makolo ambiri kuno amakonda WhatsApp kuposa imelo. WhatsApp wamba alibe njira imeneyi. Ili pa WhatsApp Business, pa Away message, pomwe mumasankha Custom schedule n'kuika masiku omwewo. Koma yokhayi imafuna kuti foni ikhale yoyaka ndi bando, ndiponso siyankha m'magulu. Pagulu la makolo a Fomu 4 mungolemba nokha uthenga womwe uja Lachisanu musananyamuke.

Mukabwerako msanga, tsegulani Gmail pa kompyuta, ndipo pamzere womwe uli pamwamba pa makalata dinani End now.