Rezisita wa mizere isanu sawerengedwa kuchokera mbali iliyonse imene mwafuna

M'nyengo yozizira ino, pamene mahita akuyaka m'zipinda zambiri ndipo magetsi akuzimazima m'madera ena a Johannesburg, anzathu okonza zipangizo achulukidwa ndi ntchito ya matchaja a mabatire ndi nyali zotchaja. Ndayendera mabenchi angapo ku Mayfair ndi ku Yeoville, ndipo cholakwika chimene ndachipeza mobwerezabwereza n'chimodzi: anthu akuwerenga marezisita a thupi labuluu, a mizere isanu, kuchokera kumapeto, kenaka n'kukagula rezisita wolakwika ndi ndalama zawo zomwe.

Ambiri mwa ife tinaphunzira ntchitoyi pa mawailesi akale, amene marezisita ake anali a mizere inayi, womaliza uli wagolide kapena wasiliva. Pamenepo munthu sankasochera, chifukwa golide sangakhale koyambirira. Unkangomuika kudzanja lamanja, n'kuwerenga mizere iwiri ngati manambala, wachitatu ngati chiwerengero cha maziro, ndipo golide ankakuuza kuti mphamvu yeniyeni ya rezisitayo ingasiyane ndi yolembedwa ndi 5 peresenti, pamene siliva ankatanthauza 10 peresenti. Manambala a mitunduyo sindichedwapo, popeza aliyense wogwira chowotcherera ayenera kuwadziwa pamtima: wakuda 0, wabulawuni 1, wofiira 2, walalanje 3, wachikasu 4, wobiriwira 5, wabuluu 6, wapepo 7, wotuwa 8, woyera 9.

Vuto n'lakuti rezisita wa mizere isanu ali ndi manambala atatu, kenaka mzere wa maziro, ndipo mzere womaliza kawirikawiri umakhala wabulawuni, kutanthauza 1 peresenti. Bulawuni yemweyo ndiyenso nambala 1, yomwe marezisita ambiri amayambira, choncho mbali zonse ziwiri zimaoneka ngati poyambira. Chizolowezi chongoponya diso n'kutchula nambala, chimene ena amachiyesa umisiri, chikuwonongetsa katundu wa makasitomala, ndipo chimandipweteka mtima kwambiri ndikamachiona kwa anthu amene mita ili pambali pawo pomwepo.

Bambo wina wochokera ku Mangochi, amene amakonzera m'kachipinda kuseri kwa shopu ku Mayfair, anandidandaulira kuti timababu timene akugulitsa masiku ano n'tachinyengo, chifukwa anali atasintha katatu kababu kofiira kosonyeza kuti tchaja ya mavoti 12 yayaka, ndipo nthawi zonse kankawala kwambiri kanthawi kochepa n'kufa. Anandiuza kuti, “Achimwene, ine ntchito imeneyi ndinayamba kale, rezisita ndaika yemweyo amene ndinachotsa.” Nditapempha kuona wakaleyo, yemwe anali wothyoka mwendo, mizere yake inali bulawuni, wakuda, wakuda, bulawuni, bulawuni. Kuwerenga kolondola ndi 1, 0, 0, ziro mmodzi, ndiye kuti maomu 1,000 pa 1 peresenti. Iwo anayambira mbali inayo, napeza bulawuni, bulawuni, wakuda, wakuda, bulawuni, kutanthauza 1, 1, 0 popanda ziro wowonjezera, ndipo anakagula wa maomu 110.

Kababu kofiira kotere kamadya pafupifupi mavoti 2, choncho mavoti 10 otsalawo amagwera pa rezisita. Malinga ndi I = V/R, kutanthauza mavoti kugawa ndi maomu, pa maomu 1,000 pamadutsa mamiliampu 10, amene kababuko kamawapirira bwinobwino, popeza timababu tambiri ta mtundu umenewu malire ake ndi mamiliampu 20. Pa maomu 110 pamadutsa mamiliampu pafupifupi 91, ndipo rezisitayo amatentha ndi mphamvu yokwana 0.9 ya wati pamene anapangidwira kota ya wati yokha. Chizindikiro chinalipo kuyambira tsiku loyamba, chifukwa rezisita watsopanoyo anali atadetsa bolodi pansi pake ndipo sankagwirika ndi chala. Bamboyo anataya timababu titatu, ndalama za tekisi za maulendo awiri opita m'tauni, komanso kasitomala amene anatenga tchaja yake n'kupita nayo kwina.

Chimene chingakupulumutseni pa zolakwika zambiri zotere ndi kudziwa kuti marezisita sapangidwa m'nambala iliyonse. Pali mndandanda wotchedwa E12, womwe uli ndi manambala awa: 10, 12, 15, 18, 22, 27, 33, 39, 47, 56, 68, 82, ndipo amabwerezedwa powonjezera maziro. Manambalawa amaoneka osalongosoka, koma sanasankhidwe mwachisawawa. Iliyonse imaposa inzake ya m'mbuyo pochulukitsa ndi 1.21 kapena kuyandikira pamenepo, moti ukachulukitsa motero maulendo 12 umafika pa nambala yoposa yoyambayo kakhumi. Chifukwa chake chili mu mzere womaliza uja. Rezisita wa maomu 100 pa 10 peresenti angakhale paliponse kuyambira 90 mpaka 110, ndipo wa 120 angakhale kuyambira 108 mpaka 132, choncho kupanga wina wa 105 kukanangodzaza mashelefu ndi katundu amene sangasiyanitsidwe ndi anzake. Marezisita a 5 peresenti amalola manambala oyandikana kwambiri, ndiye chifukwa chake mndandanda wawo wa E24 umalowetsa ena pakati, monga 11, 13, 16, 20, 51 ndi 75. Dongosololi linakhazikitsidwa ndi bungwe la IEC, loika miyezo ya zamagetsi padziko lonse, mu 1952, ndipo lero limadziwika ndi dzina lakuti IEC 60063.

Izi zikutanthauza kuti mnyamata amene amayenda shopu ndi shopu kufunafuna rezisita wa maomu 500 akungotha nsapato. Wa 470 pa 10 peresenti amayambira 423 mpaka 517, ndipo pa ntchito ngati ya kababu, 470 kapena 510 akwanira. Zikutanthauzanso kuti mukawerenga wachikasu, wabuluu, wofiira n'kupeza maomu 4,600, muyenera kukayika nthawi yomweyo, chifukwa 46 mulibe mu E12 kapena mu E24, ndipo mzere umene mwauyesa wabuluuwo ndi wapepo wofwifwa, rezisitayo ndi wa 4,700. Kutentha kumasinthanso mitundu, moti wofiira, walalanje ndi wabulawuni amafanana pa thupi labuluu, makamaka pansi pa babu lachikasu la m'chipinda.

Komabe mndandandawu uli ndi malire, ndipo nkhani ya bambo uja ikuonetsa zimenezo, pakuti 1,000 ndi 110 onse ndi manambala ovomerezeka. N'chimodzimodzi ndi wa 10,000, amene ukamutembenuza amawerengeka 120. Marezisita ena a 1 peresenti amatsatiranso mndandanda wa E96, womwe uli ndi manambala ngati 475, choncho nambala yachilendo pa rezisita wa mizere isanu si umboni wokwanira kuti mwalakwitsa.

Chochita n'chachidule. Yang'anani mpata waukulu pakati pa mizere, chifukwa mzere wa peresenti nthawi zambiri umatalikirana ndi anzake, ndipo umenewo uikeni kudzanja lamanja. Werengerani pa kuwala kwa dzuwa. Ngati mpatawo sukuoneka, werengani mbali zonse ziwiri, mudzifunse nambala imene ikugwirizana ndi ntchito ya pamalopo, kenaka mupime ndi mita mutazimitsa moto ndi kuzula mwendo umodzi pa bolodi, popeza zipangizo zina zolumikizana naye zimachititsa mita kuonetsa nambala yotsika. Rezisita wopsa musamukhulupirire ngakhale pa mita, ndipo watsopano aliyense mumupime musanamuwotcherere.