Momwe mungasamalire wodwala chikasu cha hepataitisi A pakhomo

Mvula ikayamba kuno ku Chipata, madzi otsika m'mapiri amadutsa m'makomboni, zimbudzi zokumba zimasefukira, ndipo zitsime zosazama zimalandira zonsezo. Koma chikasu sichionekera sabata yomweyo. Kachilombo ka hepataitisi A kakalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena m'chakudya chokhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala, kamakhala phee milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina mpaka masiku 50. Choncho musavutike kuloza chala amene anakugulitsani vitumbuwa dzulo, mwina mlandu ndi wa madzi amene munamwa pamaliro mwezi watha. Zimene ndalemba pano ndi zimene tinachita posamalira alamu anga, bambo wa mphamvu zake amene amanyamula anthu panjinga.

Choyamba, kayezetseni magazi

Matendawa amayamba ngati malungo: kutentha thupi, kufooka, nseru, kusafuna chakudya, ndi kupweteka pansi pa nthiti za kumanja pamene pali chiwindi. Pakapita masiku, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimayererako, kenako maso amasanduka achikasu. Maso muziwaona panja, padzuwa, mutakokera chikope m'munsi. Pansi pa babu la m'nyumba mudzadzinamiza.

Maso achikasu okha satiuza chimene chavuta. Malungo aakulu amabweretsa chikasu, hepataitisi B nayonso, mwala wotseka njira ya ndulu, matenda a siko selo, ngakhale mankhwala ena a TB ndi ma ARV. Zina mwa izi sizidikira. Ndiye pitani ku kiliniki tsiku lomwelo, ayambe ayeza malungo pachala, kenako atenge magazi oona mmene chiwindi chikugwirira ntchito. Papepala mudzaona ALT, imene imakwera chiwindi chikatupa, ndi bilirubini, imene imabweretsa chikasu. Pa hepataitisi A, ALT imatha kukwera kupitirira 1000 pamene mwa munthu wabwinobwino siipitirira kwenikweni 40, choncho musakomoke mukaona nambalayo. Chotsimikizira kuti ndi mtundu wa A ndi kuyeza kolembedwa anti-HAV IgM. Sikiliniki iliyonse imayeza zimenezi, angakutumizeni ku Chipata Central Hospital, kapena ku St Francis ngati muli cha ku Katete. Mukasankha labu yolipira, funsani mtengo malo awiri musanatambasule mkono, chifukwa mitengo imasiyana kwambiri, ndipo khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA lisatsale kunyumba. Pepala loyambalo lisungeni bwino, mudzalifuna poyerekezera.

Akakuuzani kuti bwererani kunyumba mukapume, osakupatsani jakisoni kapena makapisozi, sikuti akunyozani. Hepataitisi A ilibe mankhwala opha kachilomboko. Thupi limakachotsa lokha, sikakhazikika m'chiwindi ngati ka mtundu wa B, ndipo amene wachiriratu sakatenganso kachilomboka moyo wake wonse.

Chakudya ndi zakumwa

Nseru imakula tsiku likamapita, ndiye chakudya chenicheni chiperekeni m'mamawa. Ife tinkapanga phala losalimba lothira shuga, ndipo masana kansima kochepa ndi chibwabwa kapena therere, nthochi, mbatata yophika, papaya. Pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Zokazinga m'saladi wambiri zimautsa nseru masiku oyamba, koma sikuti mafuta, mazira kapena nsinjiro ndi zoletsedwa. Wodwala akazilakalaka ndipo sizikumubwerera, mpatseni, thupi likufuna zomangira.

Amene akusanza kapena kutsegula m'mimba amwe thanzi la ORS. Mapaketi akatha, thirani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono. Za nzimbe, aliyense wobwera kudzazonda adzakuuzani kuti zimatsuka chikasu. Sizitsuka kanthu, koma zimapatsa shuga munthu amene sakudya, ndiye zitsukeni ndi kuzisenda nokha, adye.

Mankhwala: apa ndi pamene zinatisokonekera

Chiwindi ndicho chimaphwanya pafupifupi chilichonse chimene munthu wameza. Chikatupa, ntchito imeneyi imayenda mochedwa, ndipo mankhwala amene tsiku lina lililonse sakanavuta amaunjikana n'kuyamba kuchiwononga. Vuto ndi loti kwathu kuno mlendo sabwera chimanjamanja kwa wodwala.

Alamu anga anayamba kupezako bwino, kenako mwadzidzidzi kusanza kunabwerera, maso n'kuchita chikasu kwambiri kuposa poyamba. Titabwerera kuchipatala, adokotala sanayambe ndi kuyeza. Anafunsa kuti, "Abambo, tandiuzeni chilichonse chimene mwameza sabata ino, ngakhale cha m'botolo la madzi." Titabwera kunyumba tinakutumula chikwama chimene chinali pansi pa pilo. Munali panado amene iwo ankamwa awiri m'mawa, awiri masana, awiri usiku chifukwa cha mutu. Piritsi limodzi ndi mamiligalamu 500, ndiye awo okha anali 3000 pa tsiku. Munalinso mapiritsi a chimfine ogula pa kantemba, amene mnzawo anawabweretsera. Titawerenga kuseri kwa paketi, tinapeza kuti nawonso ali ndi parasetamolo yemweyo wa mu panado. Kuphatikiza zonse, ankafika pa 4000 kapena kupitirira, umene ndi mlingo womalizira wa munthu wamkulu wa chiwindi chabwinobwino amene akudya mokwanira. Iwo chiwindi chinali chotupa ndipo m'mimba munalibe kanthu.

Pamwamba pa izo panali botolo la madzi akuda owawa, limene azakhali anagula kwa munthu wina woyenda ndi chimkuzamawu pamsika, wolonjeza kutsuka chiwindi, impso ndi magazi nthawi imodzi. Palibe chizindikiro, palibe mlingo, ndipo mtengo wake ukanakwana nkhuku yamoyo. Sindikunyoza mitengo yonse ya makolo athu, koma botolo limene wogulitsa yemwe sangakuuzeni zili m'kati lisalowe m'kamwa mwa munthu wa chikasu. Ena mwa mankhwala otere amatsegula m'mimba mwadala kuti muone ngati akugwira ntchito, ndipo wodwala amangotha madzi m'thupi.

Zonsezo zitachotsedwa, kusanza kunaleka, ndipo titakayezanso ALT inali itayamba kutsika. Lamulo limene tinaika pakhomo linali ili: mankhwala onse amasunga munthu mmodzi, ndipo wodwala sameza kanthu kamene adokotala sanakaone ndi maso. Panado asamwe pokhapokha adokotala atanena mlingo wake. Mapiritsi oletsa kusanza, ogonetsa tulo, bulufeni ndi asipirini, zonse zidikire mawu a kuchipatala. Maantibayotiki sapha kachilombo aka, ndi kutaya ndalama chabe. Thupi likatentha, mpukuteni ndi nsalu yonyowa m'madzi ofunda pang'ono. Mlendo akabwera ndi kabotolo, landirani ndi manja awiri, thokozani, kabiseni. Kukangana ndi azakhali sikuthandiza.

Koma amene ali pa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a khunyu kapena a kuthamanga kwa magazi asasiye yekha. Anyamule mabotolo onse apite nawo kuchipatala tsiku lomwelo, adokotala ndiwo anene choti chipitirire ndi choti chisinthe.

Mowa ayi. Kachasu, chibuku, wa m'botolo, ngakhale munkoyo kapena thobwa logonera lomwe layamba kuluma, zonse zidikire mpaka magazi aonetse kuti chiwindi chabwerera mwakale. Anzake akumowa ndi amene muyenera kuwalondera kwambiri, makamaka wodwala akayamba kutuluka panja.

Zizindikiro zoti musagone nazo

Anthu ambiri amachira bwinobwino, koma mwa ochepa chiwindi chimalephera msanga. Thamangani kuchipatala, ngakhale pakati pa usiku, wodwala akayamba kusokonezeka mutu, kulankhula zosagwirizana, kugona usana wonse movuta kudzutsa n'kumakhala maso usiku, kapena manja akamagwedezeka akawatambasula. Chimodzimodzi akamatuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, akasanza magazi, chimbudzi chikada bii, mimba kapena miyendo ikatupa, mkodzo ukachepa kwambiri, kapena akamasanza chilichonse ngakhale madzi. Mayi woyembekezera, munthu wopitirira zaka 50, amene ali ndi hepataitisi B kapena HIV, ndi amene wakhala akumwa mowa kwambiri, awa asasamalidwe pakhomo popanda adokotala kuwaona pafupipafupi.

Kuteteza ena onse pakhomo

Kachilomboka kamatuluka kwambiri m'chimbudzi milungu iwiri chikasu chisanaoneke, ndi sabata imodzi chitaoneka. Sabata imeneyo wodwala asaphike, asatunge madzi akumwa, asagawe chakudya. Kusamba m'manja m'beseni limodzi tonse tisanadye nsima kuthe, wina azithirira mnzake ndi jagi, ndi sopo. Sanitaiza wa m'kabotolo sakwanira pa kachilombo aka, sopo ndi madzi ndiye zenizeni.

Madzi akumwa awire mpaka kubwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu. Malasha akwera mtengo, ndikudziwa, ndiye ikani mphika pambaula nsima ikangopulidwa, moto usapite pachabe. Kapena thirani klorini monga mwalembedwera pabotolo, mudikire mphindi 30. Yang'anani tsiku lothera ntchito, pali ena amagulitsa mabotolo akale okhalitsa padzuwa amene fungo linatha kalekale. Sungani madziwo m'chigubu chotseka, osati mu ndowa yomwe aliyense amaviikamo kapu. Chimbudzi, chitseko chake ndi zovala zodetsedwa muzitsuke ndi jiki.

Samalani ndi ana aang'ono. Osakwana zaka 6 nthawi zambiri sachita chikasu n'komwe, koma amafalitsa kachilomboka, ndiye matewera ndi kapoti muzizigwira ngati za wodwala. Katemera wa hepataitisi A alipo, ndipo amathandiza wa pakhomo akabayidwa pasanathe masiku 14 chikhalireni ndi wodwala. Musaganize kuti mwana anatetezedwa kale ndi katemera wa kusikelo, uja ali ndi hepataitisi B, osati A. Funsani kuchipatala kumene angapezeke.

Zotsalazo

Thupi likayabwa, asambe madzi ozizirirako, awenge zikhadabo, apake kalamaini. Chilakolako cha chakudya chimabwerera poyamba, mkodzo n'kuyera, maso amatsalira m'mbuyo milungu ingapo. Ambiri amakhala atachira pasanathe miyezi iwiri, ngakhale kufooka kumachedwa kutha. Kugona pabedi tsiku lonse sikofunikira, aziyendayenda pabwalo mmene mphamvu zikulolera. Ntchito yolemetsa ngati kupalasa njinga ndi munthu kumbuyo kapena kulima ayambe ndi theka la tsiku. Mwa anthu 10 mpaka 15 pa 100 alionse, zizindikiro zimabwereranso mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi. Zikatero bwererani kukayezetsa magazi, mutanyamula pepala loyamba lija ndi mankhwala onse amene ali m'nyumba.