Mmene Ndinathetsera Vuto la Kutsegula M'mimba kwa Agogo

Agogo athu ku Kasungu ankatsegula m'mimba pafupipafupi, pamene enafe tinali bwinobwino ngakhale tinkadya kuchokera mumphika umodzi. Tinawaletsa mafuta ndi nyemba, koma sizinathandize.

Gwero lake linali ndiwo zogona. Tinkaphika nkhuku kapena usipa masana, kuzisiya pambali pa mbaula, kenaka m'mawa kungozifunditsa pang'ono chifukwa agogo sakonda chakudya chowotcha pakamwa. Tizilombo timaswana msanga m'chakudya chofunda, pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo fungo silisintha, choncho kununkhiza sikuthandiza. Thupi la munthu wokalamba kapena wochepa chitetezo silipirira zimene wachinyamata amapirira.

Tsopano ndiwo zawo ndimaphika zochepa, zongokwana chakudya chimodzi, ndipo zikakhala maola oposa 2 zitaphulidwa sindiwapatsanso. Zikatsala zaposachedwa ndimazibwezera pamoto mpaka msuzi ubwate ponseponse ndikuvundula, kenaka ndimathira m'mbale yoyera kuti zipole asanadye. Nsima yogona sadyanso. Phala ndimaphika latsopano.

Ndinasiyanso kuwapatsa mkaka wa ng'ombe wosawiritsa, chambiko chogula m'njira, mazira osapsa pakati, ndi kachumbari wa tomato wosaphika. Nsinjiro ndimasinja ndekha nditasankha mtedza, chifukwa wachuku umawononga chiwindi ndipo poizoni wake satha ndi moto. Madzi akumwa ndimathira WaterGuard, kudikira mphindi 30.

Chowonjezera pa ndalama ndi makala basi. Kutsegula m'mimba kunaleka, koma kukabweranso ndimawapatsa Thanzi ORS ndi kupita nawo kuchipatala tsiku lomwelo.