Momwe mungalembere pulani ya bizinesi yowerengera phindu pamodzi ndi thandizo lake kwa anthu

Tiyerekeze kuti gulu lanu la amayi ku Mchengautuba likufuna kupanga makala a utuchi. Utuchi mukatenga kwa ocheka matabwa a ku Chikangawa, muziuwotcha pang'ono, n'kuumata ndi phala la ufa wa chinangwa. Mukufuna ndalama, komanso mukufuna kuti mabanja achepetse kugula makala a m'nkhalango. Pulani yanu iyenera kusonyeza momwe mudzadziwire kuti zonse ziwiri zikutheka.

Choyamba, lembani m'chiganizo chimodzi chimene mukufuna chisinthe. "Kuteteza chilengedwe" sikuwerengeka. Lembani kuti: "Mabanja ogula kwa ife achepetse matumba a makala a mitengo amene amagwiritsa ntchito pamwezi." Chizindikiro chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Mukachulutsa, mlembi wanu adzatopa mwezi wachiwiri usanathe.

Chachiwiri ndi masamu a ndalama. Mitengo iyi njongoyerekeza, inu muike yanu. Thumba limodzi likudya K6,000 mukaphatikiza utuchi, thiransipoti, ufa, thumba lenilenilo ndi malipiro a opanga, ndipo mukugulitsa K8,000. Mukagulitsa matumba 300 pamwezi, phindu ndi K600,000. Musaiwale kuika malipiro anu pa zowononga, chifukwa phindu lobwera poti mamembala akugwira ntchito yaulere si phindu. Muganizirenso za mvula ya kuno ku Mzuzu, imene imachedwa kusiya. Makala osauma bwino amafuka utsi ndi kunyenyeka, choncho shedi youmitsira ilowe mu mpamba. Mitengoyi muziiwonanso pafupipafupi. Amene analemba mapulani kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chifukwa chake.

Chachitatu, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya: werengani musanagulitse thumba ngakhale limodzi. Yendani m'mabanja 40 amene alonjeza kugula, mufunse matumba angati a makala amene amatha pamwezi. Ambiri amagula a m'timajumbo tsiku ndi tsiku, ndiye funsani za dzulo ndi dzana, inu muwerengere nokha. Funsani m'chinenero chimene mayi wa pakhomopo amamasuka nacho, kaya Chitumbuka kaya Chichewa. Kenaka pezani mabanja ena 20 a m'dera lomwelo amene sakugula kwa inu, muwafunse zomwezo.

Mabanja 20 amenewa ndi ofunika chifukwa chiyani? Tiyeni tione. Mwayamba mu Julayi, kukuzizira, anthu akuwotha mbaula. Mabanja anu 40 akutha matumba 80 pamwezi. Mu Okutobala mwabwereranso, mwapeza kuti akutha matumba 52 a makala a mitengo. Mungafune kulengeza kuti mwachotsa matumba 28. Koma mabanja osagula aja nawonso atsika, kuchoka pa 40 kufika pa 36, chifukwa kwatentha basi. Ndiye kuti pa matumba khumi alionse, limodzi likanachoka ngakhale inu kukanakhala kulibe. Pa 80 aja, 8 ndi a nyengo. Anu enieni ndi 20. Magetsi akamazimazima zimakhala chimodzimodzi koma mobwerera: mabanja paliponse amatha makala ambiri, ndipo popanda mabanja oyerekezera mungaganize kuti mwalephera.

Musathamangire kusandutsa matumbawo kukhala "mitengo imene tapulumutsa". Simunaione. Lembani zimene mwawerenga, ndipo wofunsa asakhale amene amagulitsa, poti kasitomala amayankha zokondweretsa mwini katundu.

Chachinayi, gwirizanani msanga chochita phindu likasemphana ndi cholinga. Tsiku lina woweta nkhuku wa ku Luwinga adzafuna matumba 200 pakamodzi otenthetsera anapiye, ndalama pamanja. Kwa bizinesi ndi malonda abwino, koma mabanja anu adzasowa katundu n'kubwerera ku makala akale. Lembani lamulo m'pulani, mwachitsanzo kuti theka la katundu lizisungidwira mabanja, komanso gawo la phindu loti lizibwerera m'bizinesi musanagawane. Zokambirana ndalama zili kale patebulo zimathera kwa amfumu.

Chachisanu ndi kulembetsa. Mutha kukhala kopaletivi, kapena kampani yolembetsedwa pansi pa lamulo la makampani la 2013. Pezaninso nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA ndi chiphaso cha bizinesi ku khonsolo ya mzinda, ndipo funsani ku ofesi ya zankhalango ngati katundu wanu akufunika chilolezo, poti malamulo a makala anakhwima.

Pomaliza, kope likhale limodzi. Tsamba lakumanzere ndalama zolowa ndi zotuluka, lakumanja mabanja ndi matumba. Miyezi itatu iliyonse werengani masamba onse awiri pamsonkhano umodzi. Malonda akamakwera koma makala a mitengo osatsika, kafunseni m'makomo: kawirikawiri mudzapeza kuti makala anu akuphikira nyemba zokha, nsima ndi tiyi akuphikirabe akale, mwina chifukwa anu amachedwa kuyaka m'mamawa.