Momwe mungasandutsire chithunzi cha chiphaso cha unzika kukhala mawu olembedwa

Mlembi wa banki mkhonde ina ku Ndirande anandipeza ndi foni yodzaza ndi zithunzi za ziphaso za mamembala 24. Ankafuna maina ndi manambala alowe m'kaundula wa pakompyuta, ndipo anali atatsala pang'ono kuponya zithunzi zonsezo pa webusaiti ina yaulere yomwe imawerenga malemba. Ndinamuletsa. Chiphaso cha NRB chili ndi nkhope ya munthu, tsiku lobadwa ndi nambala yomwe amalembetsera simukhadi ndi akaunti ya kubanki, ndiye chikapita pa webusaiti ya eni ake osadziwika simungachibwezenso. Kuyambira 2024 dziko lino lilinso ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, lomwe akuliyang'anira ndi a MACRA.

Tinayamba ndi kufunsa kuti kaundulayo akufunadi chiyani. Anali dzina, nambala ya chiphaso ndi tsiku lomwe chiphasocho chithere ntchito, basi. Mwini chiphaso aliyense anauzidwa zimenezi ndipo anavomera.

Kenaka chithunzi. Ikani chiphaso pathebulo la mtundu umodzi pafupi ndi zenera, zimitsani fulashi chifukwa pulasitiki imanyezimira n'kuphimba zilembo, ndipo foni iyang'ane pansi molunjika osapendekeka. Musanachite china chilichonse, dulani chithunzicho kuti mutsale mizere yokhayo yomwe mukufuna. Nkhope ndi siginecha zichoke. Kachizindikiro ka QR nakonso kasaoneke, pakuti kamasunga zambiri za mwini chiphaso ndipo foni ina iliyonse ingakawerenge.

Powerenga malembawo sankhani njira yosatulutsa chithunzi m'chipangizo chanu. Pa iPhone XS, XR kapena yatsopano kuposa amenewa, ya iOS 15 kupita m'tsogolo, Live Text imawerengera m'foni momwemo: dinikizani chala pa mawu a pachithunzi, musankhe Copy. Google Lens imagwira bwino ntchito, koma imatumiza chithunzi ku makina a Google, n'chifukwa chake pa chiphaso cha munthu wina ine sindiikonda. Ife tinagwiritsa Tesseract, pulogalamu yaulere ya pakompyuta yosafuna intaneti, ndipo zithunzi tinazisamutsa ndi chingwe osati pa WhatsApp. Lembani mzere uwu mu Command Prompt muli m'foda momwe muli chithunzicho; chiphaso.jpg ndi dzina la chithunzicho:

```
tesseract chiphaso.jpg mawu -l eng
```

Zotuluka zimapezeka m'fayilo ya mawu.txt, koma zimabwera zosakanikirana, mitu ndi mayankho ake zili mbwee. Tsegulani Notepad muziyale nokha, chinthu chimodzi pamzere wake. Ichi n'chitsanzo chongopeka:

```
Dzina la bambo: UJE
Dzina loyamba: UJENI
Nambala ya chiphaso: ****7K2B
Tsiku lothera: 3 Epulo 2031
```

Nyenyezi zinayizo tinaziika pa kope lomwe limazungulira pakati pa mamembala. Nambala yonse ili m'fayilo imodzi yokha, ya mlembi, yotseka ndi pasiwedi. Mwezi muziulemba m'mawu, chifukwa 03/04 kompyuta ina imaiwerenga ngati 4 Malichi.

Ntchito yeniyeni ili pa nambala. Nambala ya chiphaso ili ndi zizindikiro 8, zilembo ndi manambala mosakaniza, ndipo si mawu oti makina angawalote. Pa dzina ngati Banda diso lanu limagwira msanga mukaona 8anda, koma m'kati mwa nambala B wosanduka 8, S wosanduka 5 kapena Z wosanduka 2 amaoneka wabwinobwino. Choyamba werengani zizindikirozo: zikakhala 7 kapena 9, makina ameza chimodzi kapena atola kadontho ka fumbi. Zikakwana 8 musakhutire. Wina agwire chiphaso chenichenicho aziwerenga mokweza chimodzichimodzi, inu mukulondola ndi chala pa sikirini, kenaka mubwereze kuyambira kumapeto. Mwa ziphaso za mlembi uja, chimodzi chinatuluka ndi nambala yothera ndi 7K28 m'malo mwa 7K2B, ndipo tinachigwira pobwereza chakumbuyo pomwepo. Maina okhala ndi ng' nawo amavuta, kachizindikiro kapamwamba kotsatira g kamasowa kapena dzina limaduka pawiri.

Pamene chiphaso chafufutika moti inu nomwe simukuona bwino, musalote. Lembani kuti "sichikuwerengeka" mufunse mwini wake. Dzina lilembedwe momwe lilili pachiphaso ngakhale mukudziwa kuti kwawo amalilemba mwina, chifukwa kubanki adzayerekeza ndi chiphasocho.

Mukamaliza fufutani zithunzi, koma dziwani kuti kufufuta kamodzi sikukwanira. Pa iPhone zimakhalabe mu Recently Deleted masiku 30, pa Google Photos zimadikira mu Trash kapena Bin, ndipo pakompyuta zili mu Recycle Bin. Zomwe mamembala anatumiza pa WhatsApp zifufutidwenso m'macheza momwemo. Ngati munagwirira ntchitoyi pa kompyuta ya pakefe ku Limbe kapena m'tauni, onani foda ya Downloads musanadzuke pampando.