Zithunzi za pafoni zikamatuluka zosaoneka bwino kunyanja

Amene mumajambula ku Senga Bay, musafulumire kunena kuti kamera yafa. Yang'anani kaye chithunzicho. Chikaoneka ngati chili ndi nkhungu, nyali n'kumatuluka ndi mizere, vuto ndi kagalasi ka kamera: thukuta ndi mafuta a m'zala, makamaka mukangodya chambo chokazinga. Uzirani kaye kuti mchenga uchoke, chifukwa mukapukuta uli pomwepo ukanda galasilo. Kenako pumirani mpweya pang'ono, mupukute mozungulira ndi kansalu kofewa ka magalasi a m'maso. Malaya a thukuta amangopaka mafutawo.

Zonse zikaoneka ngati zakokedwa, ndi manja. Zimachitika kwambiri madzulo, poti kukachepa kuwala kamera imachedwa kutseka. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitsamire m'nthiti, kapena itsamizeni pa bwato lomwe lili kumtunda, muike Timer ya masekondi 3.

Nanga ngati nyanja yaoneka bwino koma nkhope ayi? Kamera yalunjika kumbuyo kwa munthuyo. Dinani pankhopepo pasikirini, mudikire sekondi imodzi. Onaninso kuti simunasiye pa Macro, ija yojambulira tinthu tapafupi ngati masentimita 4, chifukwa pamenepo munthu woima patali sangaoneke bwino.